Kuyerekeza nthawi imene batire ndi bandulo zitenge kuti zithe: zolemba za masabata awiri

Tsiku loyamba

Ntchito imene ndayamba lero ndi yofuna kupeza njira yodalirika yosandutsira nambala ya peresenti imene foni imaonetsa kukhala maola kapena masiku. Ndikugwiritsa ntchito foni imodzi yokha, imene ndakhala nayo pafupifupi zaka zitatu, ndipo batire lake linalembedwa kuti ndi la `5000 mAh`, womwe ndi muyezo wa kuchuluka kwa moto umene limasunga. Lero lomwe ndagulanso bandulo ya magigabayiti 5 ya masiku 30, kuti masiku a bandulo aziyendera limodzi ndi masiku a zolembazi. Zida zanga ndi kope, cholembera ndi wotchi basi.

Ndinachotsa foni pa tchaja nthawi ya 7:00 m'mawa ikuonetsa 100 peresenti, ndipo pofika 11:00 inali pa 64. Pa maola anayi panatha maperesenti 36, kutanthauza maperesenti 9 pa ola lililonse. Masamu ake ndi awa:

```
nthawi yotsala = peresenti yotsala ÷ peresenti yotha pa ola
64 ÷ 9 = 7.1
```

Apa ndinatsala pang'ono kulemba maola 7 ndi mphindi 10, koma 0.1 ya ola ndi mphindi 6, chifukwa ola lili ndi mphindi 60 osati 100. Motero ndinalosera kuti foni izima itangodutsa 6:00 madzulo. Inazima nthawi ya 3:15 masana, ndipo panthawi imene inkazima inali ikuonetsabe 7 peresenti. Kulosera kwanga kwaphonya ndi maola pafupifupi atatu. Mwamwayi ndinali ndikulemba zonse zimene ndinkachita ndi foniyo ola ndi ola, choncho ndili ndi poyambira pofufuza pamene palakwika.

Tsiku lachiwiri

Ndinaganiza kuti mwina kuyeza pafupipafupi kuthandiza, ndiye ndinayamba kuwerenga nambala pa mphindi 10 zilizonse ndikuchita chinthu chimodzimodzi, chomwe ndi kuwerenga ndi kuyankha mauthenga. Pa mphindi 10 zoyamba foni inatsika kuchoka pa 58 kufika pa 57, zomwe zikutanthauza maperesenti 6 pa ola. Pa mphindi 10 zotsatira inatsika kuchoka pa 57 kufika pa 55, zomwe ndi maperesenti 12 pa ola. Ndikanatengera muyezo woyamba ndikanati foni ikhala maola oposa 9, pomwe wachiwiri ukanandiuza maola osakwana 5, chonsecho dzanja ndi lomwelo ndipo ntchito ndi yomweyo.

Chifukwa chake sichinavute kupeza. Foni imaonetsa nambala yathunthu yokha, yopanda tizidutswa, kotero 57 amene ndikuona akhoza kukhala kuti wangofika kumene kapena watsala pang'ono kusanduka 56. Kusiyana kwa manambala awiri otere kungathe kuphonya ndi pafupifupi peresenti imodzi yathunthu. Ngati zonse zimene zatha ndi peresenti imodzi kapena ziwiri, kuphonyako n'kwakukulu ngati muyezo womwewo, koma ngati zatha ndi maperesenti 10, kuphonyako sikupitirira gawo limodzi mwa magawo khumi. Kuyambira lero sindiziwerengera liwiro lililonse pokhapokha batire litatsika ndi maperesenti 10 kapena kuposerapo. Muyezo wa usiku, pamene foni sigwiritsidwa ntchito, sungafike pamenepo, koma poti liwiro lake ndi laling'ono, kuphonya kwake sikusintha zambiri pa masamu a tsiku lonse.

Tsiku lachitatu mpaka lachisanu

Masiku atatuwa ndawathera pa ntchito yotopetsa koma yomwe yabweretsa zambiri, yoyeza kagwiritsidwe ntchito kamodzi pa nthawi imodzi. Kuwala kwa sikirini ndinakuika pamalo amodzi n'kuletsa kuti kusamasinthe kokha, popeza sikirini ndi chimodzi mwa zinthu zimene zimadya moto kwambiri mu foni, ndipo ikamasinthasintha muyezo sungafanane.

Usiku, foni ili chikhalire patebulo kwa maola 8, panatha maperesenti 6, kapena kuti 0.75 pa ola. Powerenga ndi kulemba mauthenga kwa mphindi 90 mosalekeza panatha maperesenti 12, omwe ndi 8 pa ola. Poonera makanema a pa intaneti kudzera pa data panatha maperesenti 12 omwewo m'mphindi 40 zokha, omwe ndi 18 pa ola. Foni imodzi, batire limodzi, koma liwiro lalikulu likuposa laling'ono ka 24.

Nditapeza manambala atatuwa ndinabwerera ku zimene ndinalemba tsiku loyamba. M'mawa uja ndinatha maola atatu pa mauthenga, omwe ndi maperesenti 24, mphindi 40 pa kanema, zomwe ndi maperesenti 12, ndipo kwa mphindi 20 foni inali m'thumba. Kuphatikiza zikukwana 36, ndendende monga ndinaonera. Masana zinthu zinatembenuka, pakuti ndinaonera makanema kwa maola awiri ndi theka, omwe ndi maperesenti 45, mauthenga kwa ola limodzi ndi theka, omwe ndi 12, ndipo kwa mphindi 15 foni inangokhala. Zonse pamodzi ndi 57, ndipo 64 kuchotsa 57 kutsala 7. Kugwirizana kotere kwandikayikitsa pang'ono, chifukwa miyezo yanga si yolondola mpaka pamenepo ndipo mwina mwayi wathandizapo, komabe chithunzi chake chaoneka. Maperesenti 9 pa ola amene ndinawerengera aja sanali liwiro la foni, koma anali avereji ya m'mawa umodzi, ndipo avereji imeneyo inaleka kugwira ntchito pamene ndinasintha zochita.

Choncho njira yoyamba ija ndaisiya, kupatula pamene ndikudziwa kuti zimene ndichite kutsogoloku n'zofanana ndi zimene ndachita kale. Njira yatsopano imayambira pa zimene munthu akufuna kuchita. Amalemba maola a ntchito iliyonse, kuchulukitsa ndi liwiro lake, kuphatikiza, kenaka kuchotsera pa zimene zilipo. Funso silikhalanso loti batire litha nthawi yanji, koma loti kodi likwanira zimene ndakonza. Nambala ya maola otsala imene mafoni ambiri amalemba pansi pa peresenti imachokeranso pa kagwiritsidwe ntchito kam'mbuyo, ndiye chifukwa chake imadumpha munthu akangotsegula kanema, ndipo foniyo ilibe njira yodziwira zimene mwini wake wakonzera madzulo.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi

Ndakhala tsiku lonse m'chipinda chimene netiweki imafika mofooka, kamzere kamodzi kapena tiwiri. Foni ili chikhalire inataya maperesenti 12 pa maola anayi, omwe ndi 3 pa ola m'malo mwa 0.75. Netiweki ikafooka, foni imawonjezera mphamvu yotumizira kuti nsanja ya netiweki iimve, ndipo ikaitaya imalimbikira kufunafuna ina, kotero moto umapita ngakhale sikirini ili yozima. Chizindikiro chake n'chakuti foni imamveka yofunda pang'ono kumbuyo ngakhale palibe amene waigwira. Ndawonjezera liwiro lachinayi m'kope, ndipo sindikhalitsapo pa mfundoyi.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri ndi lachisanu ndi chitatu

Chimene chinatsala ndi 7 peresenti uja amene foni inazima nayo. Kuti ndimvetse, ndinayenera kuganizira kumene nambala ya peresenti imachokera, chifukwa m'batire mulibe chinthu chooneka ngati madzi a m'ndowa choti munthu n'kuchiyeza ndi ndodo. Mu foni muli kachipangizo kakang'ono kamene kamawerengera magetsi olowa ndi otuluka m'batire, n'kumayerekezanso ndi mavolti ake ndi kutentha kwake. Batire la lithiyamu la mtundu wamba likadzaza limakhala pa mavolti 4.2, ndipo mabatire ambiri a mafoni amakono amafika cha pa 4.4. Likamatha, foni imazima mavoltiwo akatsika kufika pang'ono pamwamba pa 3. Vuto n'lakuti pakati pa malire awiriwa mavolti satsika mofanana. Amatsika mofulumirako kumayambiriro, kenaka amakhala nthawi yaitali akusintha pang'ono kwambiri, ndipo kumapeto amagwa mwadzidzidzi. Peresenti ya pa sikirini, motero, si chinthu choyezedwa mwachindunji koma ndi kuyerekeza kwa kachipangizoko, ndipo kuyerekezako kumavuta kwambiri kumapeto.

Palinso mfundo ina imene ndinali ndisanaiganizire bwino. Nambala 100 imatanthauza kudzaza kwa batire monga lilili lero, osati monga linalili lili latsopano. Batire la lithiyamu limachepa mphamvu pamene likukalamba ndiponso pamene likutchajidwa maulendo mazanamazana. Ngati langali lataya gawo limodzi mwa magawo asanu, ndiye kuti likusunga `4000 mAh` m'malo mwa `5000 mAh`, ndipo peresenti imodzi imene kale inali `50 mAh` tsopano ndi `40 mAh`. Kanema yemweyo amene lero akudya maperesenti 18 pa ola akanadya pafupifupi 14 foni ili yatsopano. N'chifukwa chake manambala a m'kope mwangamu sangagwire ntchito pa foni ya munthu wina ngakhale itakhala ya mtundu womwewo, ndipo ngakhale pa yangayi ndidzafunika kuwayezanso pakapita miyezi ingapo.

Kukalamba kumabweretsanso chinthu chachiwiri, chomwe ndi chimene chimazimitsa foni nambala isanafike pa ziro. Batire lokalamba limakanika kutulutsa magetsi ambiri nthawi imodzi, kotero foni ikafuna mphamvu yochuluka mwadzidzidzi, mavolti amagwa kwakanthawi kupitirira malire aja, ndipo foni imadzizimitsa kuti idziteteze ngakhale m'batire muli moto wotsala. Ndinayesa zimenezi kawiri. Tsiku lachisanu ndi chiwiri ndinasiya foni chikhalire kuyambira pa 15 peresenti, ndipo inatsika bwinobwino mpaka pa 2 isanazime. Tsiku lachisanu ndi chitatu ndinatsegula kamera n'kuyamba kujambula kanema ili pa 15 pomwepo, ndipo inazima ili pa 11. Nditadikira mphindi zingapo n'kuiyatsanso, inayaka ikuonetsa 9 peresenti, umboni wakuti moto unalimo koma batire linalephera kuutulutsa mofulumira monga kamera inkafunira. Kuzizira kumakulitsa vuto lomweli, ngakhale kuti masiku awiriwa sindinayese zimenezo.

Ndasankha kuti pa foni imeneyi maperesenti 10 omaliza ndisamawawerengere konse. Sikirini ikamaonetsa 64, m'masamu ndizilemba 54. Wina angati ndikutaya moto wabwino, ndipo pa tsiku la mauthenga okhaokha angakhale akunena zoona, koma kulosera kumene kumandisiyira maperesenti ochepa owonjezera ndikuona kuti n'kwabwino kusiyana ndi kumene kumadula foni pakati pa kukambirana.

Tsiku lachisanu ndi chinayi

Lero ndatembenukira ku bandulo. Poyamba ndinkaganiza kuti ikhala yosavuta, ndipo mbali ina ndi yosavutadi, chifukwa data imawerengedwa m'mabayiti enieni, sikalamba, ndipo megabayiti yomaliza ndi yofanana ndi yoyamba. Koma bandulo ili ndi malire awiri m'malo mwa amodzi, kuchuluka kwa data ndi tsiku lothera, ndipo imatha pa amene ayambe kufika.

Kumapeto kwa tsiku la lero ndinafunsa zotsala ndipo ndinauzidwa `3.1 GB`. Kugawa 3.1 ndi 5 kukupereka 0.62, kapena kuti 62 peresenti. Masiku otsala ndi 21 mwa 30, omwe ndi 70 peresenti. Kuika manambala awiriwa pambali pa linzake ndi njira yachangu kwambiri imene ndapeza, pakuti peresenti ya data yotsala ikakhala pansi pa peresenti ya masiku otsala, ndiye kuti mpaka pano munthu wadya mopitirira gawo la masiku amene adutsa. Nditawerengera mwatsatanetsatane, potenga gigabayiti imodzi ngati mamegabayiti 1000, ndinapeza kuti ndagwiritsa ntchito mamegabayiti 1900 pa masiku 9, pafupifupi 211 pa tsiku, ndipo pa liwiro limenelo mamegabayiti 3100 otsalawo atha m'masiku 14 ndi theka lopitirira pang'ono. Bandulo ikanatha cha pa tsiku la 24, kutatsala pafupifupi sabata yathunthu.

Ndisanakhulupirire zimenezi ndinakumbukira zimene batire linandichita tsiku loyamba, ndipo ndinatsegula pamene foni imaonetsa data yogwiritsidwa ntchito tsiku ndi tsiku. Masiku ambiri anali ofanana ndithu, kupatula tsiku lachinayi, limene linali ndi mzere wautali kwambiri. Usiku wa tsikulo foni inakopera yokha zatsopano za mapulogalamu angapo, pafupifupi mamegabayiti 700 nthawi imodzi. Chimenecho ndi chinthu chochitika kamodzi, ndipo tsopano ndasintha kuti zotere zizidikira kulumikiza kwa `Wi-Fi`. Nditachotsa 700 pa 1900 panatsala 1200, omwe pa masiku 9 ndi pafupifupi 133 pa tsiku, ndipo mkati mwake mulinso makanema amene ndinaonera poyeza batire. Kuchulukitsa 133 ndi masiku 21 kukupereka pafupifupi 2800. Yankho latembenuka, chifukwa bandulo imene imaoneka kuti itha msanga tsopano ikuoneka kuti ifika kumapeto n'kutsala mamegabayiti pafupifupi 300.

Kusiyana kwa batire ndi bandulo kwaonekera apa. Batire limatha mosalekeza, pang'onopang'ono kapena mofulumira, koma silingataye gawo lalikulu m'mphindi zochepa ngati lili labwinobwino. Data imatha modumpha, ndipo chinthu chimodzi chachikulu chimatha kukoka avereji ya sabata yonse. Mamegabayiti 700 aja ayenera kuchotsedwa pa zotsala, pakuti anapitadi, koma sayenera kulowa m'liwiro lolosera nalo za mawa.

Tsiku lakhumi

Ndinafuna kudziwa kuti mamegabayiti 300 otsala aja ndi ochuluka motani akasandulika mphindi za kanema. Liwiro la kanema limalembedwa m'mabiti pomwe bandulo imagulitsidwa m'mabayiti, ndipo bayiti imodzi ndi mabiti 8. Kanema woyenda pa `2 Mbps`, kapena kuti mamegabiti awiri pa sekondi, amadya kota ya megabayiti pa sekondi, yomwe ndi mamegabayiti 15 pa mphindi kapena 900 pa ola. Mamegabayiti 300 angathe m'mphindi 20 zokha za kanema wotere. Mpata umene dzulo ndinkauona ngati waukulu ndi wochepa kwambiri, ndipo ndatsitsa kaonekedwe ka makanema kuti aziyenda pa liwiro locheperapo.

Ndaonanso kuti nambala ya foni ndi nambala ya kampani ya netiweki sizikufanana ndendende. Zifukwa ziwiri ndazipeza. Choyamba, foni inkayamba kuwerenga pa tsiku loyamba la mwezi osati pa tsiku limene ndinagula bandulo, ndipo zimenezi ndakonza. Chachiwiri, ena amawerenga gigabayiti ngati mamegabayiti 1000 pomwe ena amati 1024, zomwe pa magigabayiti 5 zimasiyana ndi mamegabayiti 120. Pa peresenti kusiyanaku kulibe kanthu malinga zotsala ndi zonse zikuwerengedwa mofanana. Pofuna zotsala ndizitengera nambala ya kampani, chifukwa ndi imene imadula intaneti, ndipo ya foni ndiziigwiritsa ntchito pofuna kudziwa pulogalamu imene yadya kwambiri ndi tsiku lake.

Tsiku la 13

Ndayesa njira yatsopano ya batire, ndipo kulosera ndinakulemba m'kope ndisanayambe kuti ndisadzinamize pambuyo pake. Nthawi ya 1:00 masana foni inali pa 71, kutanthauza kuti zogwiritsa ntchito ndi 61. Ndinakonza ola limodzi la kanema, maola atatu a mauthenga, ndi maola awiri oti foni ingokhala.

```
(1 × 18) + (3 × 8) + (2 × 0.75) = 43.5
71 − 43.5 = 27.5
```

Popeza 43.5 ndi wochepera 61, batire liyenera kukwanira, ndipo nthawi ya 7:00 madzulo sikirini iyenera kuonetsa 27 kapena 28. Inaonetsa 25. Kuphonya kwa maperesenti awiri ndi theka pa maola asanu ndi limodzi ndikukutenga ngati kovomerezeka, makamaka poyerekeza ndi maola atatu a tsiku loyamba. Gawo lina la kusiyanako ndikulidziwa kale, chifukwa ndinalandira foni imodzi ya mphindi pafupifupi 10 imene sindinaikonzere, ndipo liwiro la kuyimba sindinaliyezebe.

Tsiku la 14

Bandulo yatsala `2.42 GB`. Pa masiku asanu apitawa ndagwiritsa ntchito mamegabayiti 680, omwe ndi 136 pa tsiku, pafupi kwambiri ndi 133 amene ndinawerengera. Data yotsala ndi 48 peresenti ndipo masiku otsala, 16 mwa 30, ndi 53 peresenti. Nambala ya data idakali pansi pa ya masiku chifukwa cha usiku wa tsiku lachinayi uja, koma mpata wake wachepa kuchoka pa 8 kufika pa 5, ndipo kuchepa kumeneko ndi chizindikiro chakuti kagwiritsidwe ntchito ka panopa kali pansi pa malire. Masiku 16 pa mamegabayiti 136 akufuna 2176, kotero ndikuyembekezera kudzatsala ndi pafupifupi 240 pa tsiku la 30, ndipo nambala imeneyi ndailemba kuti ndidzaiyerekeze ndi zenizeni.

Pa batire patsala miyezo itatu, ya kuyimba foni, ya kugwiritsa ntchito mapu pa ulendo, ndi ya kugawira chipangizo china intaneti kuchokera pa foniyi. Womalizawu ukhudza mbali zonse ziwiri nthawi imodzi, moto ndi data, choncho ndidzawerenga manambala onse awiri poyamba ndi pomaliza. Mawa ndiyamba ndi kuyimba, ndipo ndidikira mpaka batire litatsika ndi maperesenti 10 ndisanalembe liwiro lake.